Kalata yopempha eni mabizinesi a pa Mponela kuti athandize timu ya achinyamata

Timu ya Mpira ya Achinyamata ya pa Mponela
Mponela, Dowa
9 Malichi 2026

Kwa eni magolosale, mahadiweya, zigayo, malo ogona alendo ndi mashopu a zipangizo zaulimi

Okondedwa bambo ndi mayi,

PEMPHO LOTI DZINA LA BIZINESI YANU LIKHALE PA JEZI YATHU

Takupatsani moni ife a komiti ya timuyi. Ambiri a inu mumatidziwa, chifukwa anyamata amene mumawaona akuthamanga m'mbali mwa msewu wa M1 m'mamawa ndi athu. Tili ndi osewera 42, a zaka zosapitirira 14 ndi ena osapitirira 17. Lamulo lathu ndi loti amene wajomba kusukulu popanda chifukwa, Loweruka salowa m'bwalo.

Chaka chino tikufunika K1,900,000. Majezi a magulu awiriwa ndi K720,000, mipira khumi K350,000, madzi ndi mankhwala a ovulala K110,000. Yotsalayo, K720,000, ndi ya minibasi pa maulendo 8 opita ku Madisi, Lumbadzi, Dowa boma ndi Ntchisi. Makolo amasonkha, koma zimene amasonkhazo zimathera pa sopo wochapira majezi akale amene manambala ake anafufutika.

Sitinabwere kudzangotambasula manja. Tili ndi malo otsatsira malonda, ndipo tikukugulitsani.

Akuluakulu mukukumbukira kuti Bullets inkatchedwa Bata Bullets, ndipo Wanderers inakhalapo Limbe Leaf Wanderers, kenako Be Forward Wanderers. Mapanganowo anatha, koma mpaka lero mukakhala pa bawo mudzamva munthu akutchula mayina amenewo ngati ndi dzulo. Dzina limene munthu walikuwa ndi pakamwa pake timu yake itagoletsa salitaya msanga. Ife ndife ang'ono, inde, koma amene amationera ndi anthu enieni amene amagula kwa inu: makolo, aphunzitsi, akabaza, amayi a pamsika, alimi ochokera m'midzi yozungulira. Masewero athu apakhomo 8 adzakhala pakati pa Epulo ndi Ogasiti, nthawi imene anthu agulitsa fodya, soya ndi mtedza, ndipo akuganiza kumene akagule malata, simenti ndi feteleza.

Malo aakulu ndi a pachifuwa, pa K700,000. Dzina lanu lidzasindikizidwa pa majezi onse a magulu awiri, ndipo mukafuna tidzaliphatikiza ku dzina la timu kwa chaka chathunthu. Pa masewero apakhomo wolengeza pa chimkuzamawu adzakutchulani mpira usanayambe, pa nthawi yopuma ndi pomaliza, pamodzi ndi katundu amene mwatsitsa mtengo sabata imeneyo. Mudzakhala ndi malo oimika tebulo kapena tenti pabwalo n'kumagulitsa osalipira kanthu. Tikulonjezanso kuti ngati muli a hadiweya, palibe hadiweya ina imene idzalembedwe pa jeziyo.

Kumsana, pamwamba pa nambala, ndi K350,000. Mkono uliwonse ndi K150,000. Kwa amene bizinesi ikukula kumene, tili ndi malo 10 a zikwangwani m'mbali mwa bwalo pa K60,000 chilichonse. Kulembetsa ndi kukhoma ndi ntchito yathu. Nonse mudzatchulidwa pa mapepala olengeza masewero amene timamata pamsika ndi pa depoti, komanso m'magulu a WhatsApp a makolo.

Ngati ndalama yavuta, katundu timalandira: mafuta a galimoto, madzi, laimu wolembera bwalo, ngakhale ulendo umodzi wa minibasi yanu. Tidzawerengera mtengo wake n'kukupatsani malo oyenerana nawo. Chimodzi chokha mutikhululukire: popeza awa ndi ana, sitilemba dzina la mowa kapena la njuga pa jezi yawo.

Tikudziwa kuti ena munathandizapo matimu koma osamva kumene ndalama inapita. Kwa ife ndalama iliyonse ili ndi lisiti, ndipo siituluka popanda wapampando, msungichuma ndi kholo limodzi kusayina. Miyezi itatu iliyonse tidzakubweretserani lipoti pashopu panu pomwepo.

Majezi tikufuna kukasindikiza ku Lilongwe pa 30 Malichi, choncho tikupempha yankho lanu pofika pa 23 Malichi. Awiri a komiti adzakuyenderani sabata yamawa ndi chithunzi cha jeziyo kuti musankhe malo. Mukafuna kuona kaye anawa, timachita masewero olimbitsa thupi Lachiwiri ndi Lachinayi kuyambira 3 koloko masana, pabwalo lathu la nthawi zonse.

Ndife anu,

Wapampando ndi Mlembi,
m'malo mwa komiti ndi makolo a osewera