Mwera wakaniza usipa

Ndi mwezi wa Juni, kusanache bwino, pa kanjira kochokera ku dooko la ku Chia kukatulukira mu msewu wa M5. A Mwale anyamula chikwakwa ndi matumba opanda kanthu, akupita ku dimba la mpunga. Nabanda, amene nyumba yake yayang'anizana ndi ya a Mwale, akuchokera kunyanja, beseni lili pamutu.

A Mwale: Kodi ndi mayi a Tadala amenewa? Mwadzuka bwanji?

Nabanda: Ndadzuka bwino bambo, kaya inu mwadzuka bwanji? Nanga amayi kunyumba?

A Mwale: Tadzuka. Amayi anuwo ndi mwendo uja basi, kukazizira chonchi umawavuta, koma usiku wa lero agonako. Nanga ana?

Nabanda: Ali bwino onse. Ndawasiya ali m'tulo, ine ndatuluka ku mzikiti asanaitane.

A Mwale: Ndiye beseni likupepuka chonchi bwanji? Mmene mukuyenderamu zikuoneka kuti mulibe kanthu.

Nabanda: Mulibedi, onani nokha. Mwera bambo. Wayamba Lolemba, mpaka lero osapuma. Maboti onse ali pamtunda, ukonde wa chilimira uli wopinda. Alipo anyamata ena anayesa kulowa madzulo, koma asanafike n'kutali komwe mafunde anawabweza, nyali imodzi n'kugwera m'madzi. Siginala wawo, woyang'anira nyali uja, ndamupeza wakhala pamoto akunjenjemera, osafuna n'kuyankhula komwe.

A Mwale: Abwerera ndi moyo, chachikulu n'chimenecho. Mwera wa Juni sachita nawo makani.

Nabanda: N'zoona. Koma ife a pathandala tikudya chiyani? Kausipa kochepa kamene kanapezeka dzana, anthu a ku Lilongwe anachita kulimbirana, mtengo wake ine sindikanaufika. Ndiye mwezinso ukuwala, usipa subwera ku nyali. Ngakhale mphepoyi italeka mawa, tidikirabe mdima.

A Mwale: Nanga m'Chia muno? Muno mafunde safika ngati kunyanja yaikulu.

Nabanda: Timakumba tochepa ndi milamba, zongokwanira aja ogulitsa pamlatho. Ine mpamba wanga ndi wa usipa, bambo. Ndiye ndabwera ndikulingalira m'njira monsemu. Ndaganiza zongogulitsa mpunga uja.

A Mwale: Uti? Kilombero munamweta sabata yathayi?

Nabanda: Womwewo. Matumba asanu ndi limodzi. Venda wina wamanga sikelo pansi pa mtengo wa mango paja, wati ndikamuuza lero abwera ndi njinga kudzatenga pakhomo, ndalama pompo.

A Mwale: Tatulani kaye beseniyo, mayi a Tadala. Mpunga wanga kudimbako suthawa. Chakuthamangitsani n'chiyani?

Nabanda: Ngongole ya ku banki m'khonde. Ndinatenga K80,000 mu Januwale yolipira aganyu owokera, chifukwa bambo a Tadala anali asanatumize kanthu kuchokera ku Dwangwa. Ndakhala ndikubweza pang'onopang'ono, yatsala K35,000, ndipo Loweruka likubwerali ndi tsiku langa. Kuwonjeza apo Tadala akufunika ndalama yotsala ya teremu ino. Ine kukaima pamaso pa amayi anzanga n'kunena kuti ndilibe, ayi, manyazi ake sindingawathe.

A Mwale: Ndiye chifukwa cha K35,000 ndi ya sukuluyo mupereke matumba onse asanu ndi limodzi?

Nabanda: Akuti satenga pang'ono. Akuti akatenga onse ndiye awonjezerako mtengo.

A Mwale: Amatero onse. Tamverani, mwana wanga. Ine mpunga ndayamba kulima inu musanabadwe. Mwezi uno aliyense kuyambira kuno mpaka ku Bua ali ndi mpunga pakhonde, ndipo aliyense ali ndi ngongole yake. Venda amadziwa zimenezo, n'chifukwa chake amafika Juni, safika Disembala. Mpunga womwewo, mukausunga mpaka mvula itayandikira, anthu akufuna wa maukwati ndi wa Khirisimasi, ndi iyeyo amene adzakuyenderani pakhomo akuchita kukupemphani.

Nabanda: Zimenezo ndimazidziwa bambo. Koma Disembala ali kutali, Loweruka lili pafupi.

A Mwale: Chabwino, tiyeni tikambe za Loweruka. Sikelo yakeyo munaiona bwino?

Nabanda: Ndinaiona, ndi ija yopachika.

A Mwale: Musanapite nalo thumba kwa iye, kaliyezeni kaye pena. Chaka chatha mlamu wanga anayeza thumba kuchigayo, linakwana makilogalamu 50. Kufika nalo pa sikelo ya pamsewu, akuti 44. Thumba lomwelo, tsiku lomwelo. Ena amabwera ndi ndowa yoti anaiwotcha pamoto n'kuifutukula m'mimba, ndiye amati mudzaze mpaka pamwamba pachite kaphiri. Mukawerenga bwino, pa matumba asanu ndi limodzi mwapereka pafupifupi limodzi laulere.

Nabanda: Ii, ndowa imeneyo ndinaiona kwa mayi a Yusufu. Ndinadabwa kuti ndowa yanji yosadzaza.

A Mwale: Ndiye inu chitani chonchi. Tengani matumba awiri okha, mukapunthitse ku Linga. Thumba la makilogalamu 50 la makoko limatuluka makilogalamu 30 kapena kupitirirako pang'ono, mukaumitsa bwino. Mpunga woyera, wa kilombero weniweni, mukaukhalira pamsewu apa kapena kumsika wa paboma, a maminibasi opita ku Salima ndi ku Lilongwe amagula osanenerera kwambiri, chifukwa fungo lake limadzigulitsa lokha. Misere yake musataye, ana adyera phala. Madeya ake a nkhumba ndi a nkhuku amagula.

Nabanda: Koma chaka chatha nditapunthitsa unasweka kwambiri, theka lonse misere.

A Mwale: Munauyanika masiku angati?

Nabanda: Ndinkangouyanika tsiku lililonse, kuopa kuti ungawole.

A Mwale: Pamenepo ndi pamene panalakwika. Mpunga ukapsa ndi dzuwa umang'aluka m'kati, makoko ali bwinobwino, ndiye ukalowa m'chigayo umangoyoyoka. Choipa china ndi kuusiya panja usiku kuti mame augwere, m'mawa dzuwa liwuombenso. Muziyala mopyapyala pa lona, muzitembenuza ndi phazi pafupipafupi, dzuwa likafika pamutu muziukokera pamthunzi. Mukafuna kudziwa kuti wauma, tengani kambewu kamodzi muluma. Kakalira kuti "ke" n'kuduka pakati bwinobwino, wakwana, ulowe m'thumba. Kakaphwanyika ngati ufa, usanaume. Ndipo musasakanize ndi faya uja munalima kumunsi, ogula amanunkhiza, akapeza wosakaniza sabweranso.

Nabanda: Faya ndinaika payekha, ndi wakudya pakhomo umenewo. Koma bambo, kukafika ku Linga ndi matumba awiri, wa kabaza andidula, minibasi nayonso imalipiritsa katundu. Phindu lake silithera m'njira?

A Mwale: Lachinayi mwana wanga Yohane akutengera anga kuchigayo, tapangana ndi mwini kagalimoto kaja ka ku Benga. Anu awiriwo akwera pamodzi ndi anga, mudzangothandizako pang'ono ya mafuta. Lachisanu mwagulitsa, Loweruka mwabweza ngongole.

Nabanda: Nanga ukapanda kutha tsiku limodzi?

A Mwale: Ukapanda kutha, mubwere kunyumba Lachisanu madzulo. Amayi anu ali ndi kandalama ka mbuzi tinagulitsa ija, akubwerekani yotsalayo, mudzabweza mpunga ukatha. Popanda chiwongoladzanja.

Nabanda: Ayi bambo, inunso muli ndi odwala pakhomo.

A Mwale: Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tadala uja amatitungira madzi amayi anu mwendo ukawagwira, ndani anamutuma? Ndipo chaka cha 2024, nyanja itakwera n'kumiza dimba langa la kumunsi, mbande zimene ndinawokera kumtunda zinachokera pa nazale ya ndani?

Nabanda: Zinali zotsala zimenezo.

A Mwale: Zotsala zomwezo ndi zimene tinadya chaka chonse. Ndiye musandikanize.

Nabanda: Zikomo kwambiri bambo. Ndikawaimbira bambo a Tadala madzulo ano ndiwafotokozere, chifukwa za vendayo ndinali nditawauza kale, iwo anangoti chitani chimene mukuona.

A Mwale: Auzeni, ndi bwino adziwe. Nanga anayi otsalawo mukuwasunga pati?

Nabanda: Kuchipinda kwa ana, pansi.

A Mwale: Pansi ayi. Kuno kwathu chinyezi chimakwera m'nthaka ngakhale chilimwe. Ikani mitengo kapena njerwa, matumba akhale pamwamba, asagundenso khoma. Muwasiye a makoko omwewo, osapunthitsa, chifukwa wa makoko anankafumbwe saulowa msanga. Makoswe okha ndiwo muchenjere nawo. Mphaka wathu waswa, mudzatengeko kamodzi.

Nabanda: Ameneyo ndiye ndimufuna, makoswe atha chinangwa changa chimene ndinayanika cha kondowole. Koma bambo, vendayo ndimuyankha chiyani? Ndinamulonjeza kuti lero ndimuuza.

A Mwale: Munalandirako kanthu kwa iye?

Nabanda: Ayi, anafuna kundipatsa K10,000 ya chikole, ine ndinakana.

A Mwale: Munachita bwino, mukanalandira bwenzi pano tikukamba zina. Ingomuuzani kuti mpunga sukugulitsidwa panopa. Musakangane naye, ndi munthu wofuna kudya nayenso, ndipo mwina tidzamufuna. Koma mtengo azitchula mwini mpunga.

Nabanda: Mayi a Yusufu nawonso amafuna kumupatsa awo mawa. Ndiwauze za galimotoyo?

A Mwale: Auzeni. Tikachuluka ya mafuta ichepa. Koma afulumire kunena, malo ndi a matumba 20 okha, ndipo anga ndi 9.

Nabanda: Ndidzera konko pompano ndisanafike kunyumba. Inu mukamweta nokha lero?

A Mwale: Yohane anditsatira akamwetsa ng'ombe. Kwatsala ndime ziwiri zokha, koma mpheta zachuluka, ndikachedwa zindithera. Taonani dzuwa latuluka kale.

Nabanda: Pitani bambo, ndakuchedwetsani. Ana akapita kusukulu ndibwera ndi lichero ndidzakuthandizeni kupeta, mphepo yake ndi yomweyi. Ndidzeranso kwa amayi ndikawaone mwendowo.

A Mwale: Mukawapeza, akuwotha moto kukhitchini. Muwauze kuti tiyi wanga atumize ndi Yohane, ndaiwala botolo pakhonde.

Nabanda: Ndikawauza. Muyende bwino.

A Mwale: Zikomo, mufike bwino. Matumba awiriwo mumange lero, Yohane adzawatenga Lachitatu madzulo.