Mtsutso wa Lachisanu: mbali yokana mutu woti kuwerenga nkhani zopeka nkutaya nthawi

Zikomo a tcheyamani, oweruza athu, aphunzitsi ndi anzanga nonse mwadzaza muholo muno. Ine ndine wachiwiri kumbali yokana, wa Folomu 3.

Achimwene angokhala pansiwa akuti nkhani yopeka ndi bodza ndiye bodza silingakhozetse munthu mayeso. Chabwino, tiyambire pa mayeso pomwepo. Ku MSCE a MANEB amafunsa litiretcha, ya Chichewa ndi ya Chingerezi yomwe, ndiye mukalowa mmenemo musanawerenge bukulo mukalemba chani? Komanso tonse tikudziwa kuti ukalephera Chingerezi satifiketi palibe olo utakhoza bwanji masamu ndi fizikisi, ku yunivesite nako amafuna makirediti 6 Chingerezi chili momwemo. Nde Chingerezicho mukachitola kuti? Manotsi a bayoloje mumangoloweza, pomwe amene amawerenga manovelo mawu amamulowa okha osadziwa nkomwe, kompozishoni amalemba mpaka kupempha pepala lina ife tikutafuna cholembera.

Koma mfundo yanga yeniyeni ndi iyi. Pali zinthu zina munthu ukamuuza maso ndi maso samva, amayamba kudziteteza. Enafe timatenga Baibulo Nolegi, pa 2 Samueli 12 mneneri Natani sanafikire kukalipira mfumu Davide ayi, anayamba ndi nkhani ya munthu wolemera amene analanda kamwana ka nkhosa kamodzi kokha ka mmphawi. Davide anapsa mtima nkugamula yekha mlandu, kenako ndi pomwe anauzidwa kuti munthuyo ndinu. Kankhosako kunalibe a tcheya, koma mfumu inalapa. Agogo athu akamati padangokhala ife nkumati tili tonse ankachita zomwezo, nkhani ndi ya Kalulu ndi Fisi koma amene akudzudzulidwa ndi iwe unaba ndiwo mumphika masana.

Ndipo ngati mabukuwa ndi opanda ntchito, nchifukwa chani dziko lino linakhazikitsa lamulo la sensa mu 1968, boma la chipani chimodzi nkumaletsa mabuku ena kuti asawerengedwe, manovelo ali momwemo? Boma lingavutike kuletsa chinthu chongotayitsa nthawi? Ankadziwa kuti owerenga amayamba kufunsa mafunso.

Achemwali ayankhula koyamba aja anati ena amabisa novelo mkati mwa kope nthawi ya prepu. Eya alipo, ena ndikuwaona kumbuyoko akuseka. Koma amenewo vuto ndi kusadziwa kugawa nthawi, mpira nawo ukasewera nthawi ya kalasi ukwapulidwa koma palibe anabwera pano kudzati sukulu igulitse zigoli.

Ndaona belu lili mmanja a tcheya. Oweruza athu, ife tikupempha kuti mutuwu muukane, komanso a hedi poti muli pompano, laibulale ija muzititsegulirako Loweruka. Zikomo.