Kwa a Tadala, Lamulungu Madzulo

A Tadala,

Ndikhulupirira kuti uthengawu ukupezani muli bwino ndiponso kuti ntchito ya usiku ya sabata yathayi sinakufooketseni kwambiri. Ndaulemba wautali kuposa mauthenga amene timatumizirana masiku onse, choncho musadzivute kuuwerenga muli kuntchito kapena muli ndi tulo. Usungeni mpaka nthawi imene mwapuma, Tamanda wagona, ndipo pakhomo pali bata.

Lero ndi pa 15 Juni, ndipo nditabwerera m'mbuyo pa foni yanga ndapeza kuti moni woyamba tinapatsana pa 27 Epulo, patangopita maola ochepa tsamba lopezerapo mabwenzi lija litatilumikiza. Ndiye kuti papita milungu isanu ndi iwiri. Pa milungu imeneyi takambirana zinthu zambiri, zazikulu ndi zazing'ono, koma pali chinthu chimodzi chimene ndakhala ndikuchizungulira osachitchula, ndipo ndaona kuti kupitiriza kutero kungakhale kukubisirani. Chinthucho ndi chakuti mtima wanga wayamba kukukondani. Sindikunena kuti ndakudziwani kale mokwanira, chifukwa sitinaonanebe maso ndi maso, ndipo zonse zimene ndikudziwa za inu ndazimva m'mawu anu olemba ndi m'maulendo asanu amene tayankhulana pa foni. Ndikunena zokhazo zimene ndikuzidziwa bwino za ine mwini, zakuti masiku ano mumabwera m'maganizo mwanga kawirikawiri, ndipo mukabwera ndimasangalala.

Ndinayamba kuzindikira zimenezi tsiku lina Lachitatu m'mwezi wa Meyi. Ndinali m'kalasi ya Folomu 3 kuphunzitsa za zojambula za pamiyala za ku Chongoni, ndipo ndikufotokozera ana kuti malowa analowa m'ndandanda wa UNESCO mu 2006 ndiponso kuti zina mwa zojambula zoyera zija zimakhudzana ndi chinamwali ndi gule wamkulu, ndinakumbukira funso limene munandifunsa usiku wa dzulo lake. Munafunsa ngati ana a kuno ku Dedza, amene amakulira m'munsi mwa mapiri omwewo, amapitako n'komwe kukaona zimene makolo awo anajambula. Ndinawafunsa funso lanulo, ndipo m'kalasi ya ana oposa makumi asanu ndi limodzi anakweza manja anayi okha. Belu litalira, munthu woyamba amene ndinafuna kumuuza nkhaniyo sanali mphunzitsi mnzanga aliyense, koma inu, munthu amene muli ku Zomba, amene nkhope yake ndangoiona pa zithunzi. Ndinakhala pansi mu ofesi ndi choko m'manja, ndipo ndinavomera mumtima kuti zinthu zasintha.

Mwina mungafune kudziwa chimene ndaona mwa inu. Zithunzi zanu ndi zokongola, ndipo sindikana kuti ndi zimene zinandiimitsa poyamba, koma tonse timadziwa za chikomekome cha mkuyu, ndipo pa msinkhu wanga wa zaka 34 sindingamange mtima pa chithunzi. Chimene chandigwira ndi momwe mumakambira za odwala anu. Simunatchulepo dzina la wodwala ngakhale mmodzi, ngakhale pamene nkhaniyo inakupwetekani mtima mpaka mawu anu kunjenjemera pa foni, ndipo ine ndinaphunzirapo kuti ndinu munthu wosunga chinsinsi cha mnzake ngakhale mwiniwakeyo sadzadziwa. Chandigwiranso ndi chakuti mumakumbukira zinthu. Ndinangotchula kamodzi, mongodutsa, kuti amayi anga amavutika ndi kuthamanga kwa magazi, koma patapita milungu iwiri munandifunsa ngati akumwabe mankhwala awo tsiku ndi tsiku, ndipo munandichenjeza kuti asasiye chifukwa chakuti akumva bwino m'thupi. Nditapita kumudzi ndinapezadi kuti anali atasiya kwa masiku angapo. Amayi sakudziwa kuti malangizo amene ndinawapatsa tsiku limenelo anachokera kwa namwino wa ku Zomba, koma ine ndikudziwa, ndipo ndikuthokoza.

Palinso tsiku lija tinasemphana maganizo pa nkhani yolanga ana kusukulu. Simunandivomereze pofuna kundisangalatsa, ndiponso simunakwiye pamene ndinaumirira mbali yanga. Munanena maganizo anu momveka, munamvetsera anga mpaka kumapeto, kenako m'mawa mwake munandipatsa moni monga mwa masiku onse. Ndikuuzeni lero kuti pa mfundo imodzi ija munali olondola, ndipo ndinachedwa kuvomera.

Tsopano ndifotokoze bwino chimene uthengawu ukutanthauza, kuti musanyamule katundu amene sindinakusenzeni. Sindikukufunsirani lero, ndipo sindikuyembekezera kuti mundiyankhe ndi mawu ofanana ndi angawa. Nkhani za amalume, ankhoswe ndi kukaonekera kwa makolo zili ndi nthawi yake, ndipo nthawi imeneyo, ngati idzafike n'komwe, idzafika tonse awiri titaifuna. Munandiuza mosabisa mlungu wachiwiri kuti munapwetekedwapo ndi munthu amene anafulumira ndi malonjezo, ndiponso kuti chilichonse chimene mungasankhe tsopano chiyenera kukomeranso Tamanda, amene ali ndi zaka zinayi zokha ndipo sayenera kuzolowera nkhope zimene mawa zidzasowa. Mawu amenewo ndinawamva ndipo ndimawalemekeza. Sindidzapempha kuti ndimuone mwanayo kapena kuyankhula naye mpaka inu nokha mutaona kuti n'koyenera, ngakhale zitatenga chaka kapena kupitirira.

Ndikudziwanso mbiri imene masamba amenewa ali nayo. Tonse tamva za anthu amene amayamba ndi mawu okoma, kenako n'kupempha ndalama pa foni chifukwa cha vuto ladzidzidzi, kapena kupempha zithunzi zosayenera, kapenanso kupezeka kuti ali ndi banja kwinakwake. Ngati mbali ina ya mtima wanu ikukayikirabe za ine, sindikuona cholakwa chilichonse pamenepo, chifukwa mkazi wanzeru ayenera kusamala. Zimene ndinakuuzani ndi zomwezo: sindili pa banja, ndilibe mwana, ndimakhala m'nyumba ya sukulu pamodzi ndi mphwanga amene ndikumulipirira fizi, ndipo chibwenzi changa chomaliza chinatha zaka ziwiri zapitazo popanda ngongole ya mawu imene inatsala. Munandiuza kuti msuweni wanu amagwira ntchito kuno ku boma la Dedza. Muli ndi ufulu wonse womutuma kuti afufuze za khalidwe langa kusukulu kapena kutchalitchi, ndipo simuyenera kundiuza kuti mwatero.

Pali chinthu chimodzi chimene ndasintha kumbali yanga, ndipo ndikukuuzani kuti mudziwe chabe. Kuyambira kumayambiriro kwa mwezi uno ndinasiya kucheza ndi anthu ena pa tsamba lija, chifukwa ndinaona kuti sikungakhale chilungamo kwa iwo kuti ndiziwayankha maganizo anga ali kwina. Chimenechi ndi chisankho changa ndekha, ndipo sichikumangani inu mwanjira ina iliyonse. Sitinapanganepo kanthu, choncho ngati mukuchezabe ndi ena, mulibe mlandu ndi ine ndipo sindidzakufunsani.

Za kuonana, ndinene zoona kuti ndimalakalaka. Zomba si malo achilendo kwa ine, popeza ndinaphunzira uphunzitsi ku Domasi kwa zaka zitatu, ndipo Loweruka lina ndi lina tinkakwera phiri ndi anzanga mpaka ku damu la Mulunguzi, n'kumagula zipatso kwa anyamata ogulitsa m'mbali mwa msewu. Njira yochokera kuno ndimaidziwa bwino: kudutsa pa Lizulu ndi pa Ntcheu, kukhota pa Chingeni kulowera ku Balaka, kuwoloka Shire pa Liwonde, kenako kukwera mapiri a Machinga. Munthu akanyamuka m'mamawa amafika dzuwa lisanapendeke. Pakali pano sindingachoke, chifukwa mayeso a Folomu 4 ayandikira ndipo ana akufunika kuwakonzekeretsa ngakhale Loweruka, koma sukulu zikatsekera ndidzakhala ndi mpata. Ngati pa nthawi imeneyo mudzaone kuti mwakonzeka, ndingabwere kudzamwa nanu tiyi masana, pamalo a anthu ambiri amene mungasankhe inu, ndipo mungabwere ndi mnzanu kapena mchemwali wanu ngati zimenezo zingakupatseni mtendere. Ndidzabwerera tsiku lomwelo kapena kukagona kwa mnzanga wakale ku Domasi, kuti pasakhale china chilichonse chokudetsani nkhawa. Ndipo ndingakonde kukubweretserani kathumba ka mbatata ya kachewere ya pa Lizulu, popeza munadandaula kuti ya kumsika kwanuko yakwera mtengo. Koma ngati tchuthi chimenechi chidzakhale chofulumira kwa inu, tidzadikira china, ndipo sindidzawerengera.

Mwina mukufunsa chifukwa chake ndanena zonsezi ngati sindikufuna yankho. Ndanena chifukwa mwakhala mukundiuza zoona kuyambira tsiku loyamba, ngakhale zoona zimene zinali zovuta kuzitchula, ndipo sizinandikomere kuti ine ndizikupatsani moni wa m'mawa ngati mnzanu wamba pamene mumtima muli zina. Ndinaona kuti n'kwabwino mudziwe pamene ndaima, kuti chilichonse chimene mungasankhe musankhe mukuona bwino. Mukandiuza kuti inunso mukumva chimodzimodzi, ndidzakondwa kwambiri. Mukandiuza kuti simunadziwebe ndipo mukufuna tipitirize kucheza monga kale, ndidzapitiriza ndi mtima wonse, ndipo nkhaniyi sindidzaibwerezanso mpaka mutaiyambitsa nokha. Mukandiuza kuti mtima wanu sukulowera kumeneko, zidzandipweteka, sindinama, koma sindidzakuvutitsani ndi mauthenga, sindidzakuimbani mlandu, ndipo ulemu umene ndili nawo pa inu sudzachepa. Ngakhale mutafuna kukhala chete masiku angapo kuti muganize, sindidzaona ngati mwandinyoza.

Kuno kwazizira kwambiri sabata ino, moti m'mawa nkhungu imaphimba phiri la Dedza mpaka cha m'ma 8 koloko, ndipo ana amalowa m'kalasi manja ali m'khwapa. Ndikudziwa kuti ku Zomba nakonso usiku wa Juni suchita chifundo, makamaka kwa munthu wochezera mu wodi, choncho musaiwale juzi ija munati mumaisiya pakhomo kawirikawiri. Munandiuza kuti Lachiwiri mukupita ndi Tamanda kukaona agogo ake ku Jali. Muyende bwino, ndipo mukawapeze ali athanzi.

Ndine,
Limbani