Phunziro 6: Mtengo wopindulitsa kwambiri kwa wogulitsa amene alibe wopikisana naye

Phunziroli ndi la ophunzira zachuma a chaka choyamba. Muzikhala ndi pensulo pafupi, chifukwa masamuwa mukangowerenga osawalemba simuwagwira.

Tiyerekeze kuti m'dera lina muli chigayo chimodzi chokha, ndipo china chili kutali moti munthu sangasenze chimanga kupita nacho kumeneko. Mwini chigayoyu ndi monopoli: mtengo amaika yekha. Komabe sangakakamize anthu kubwera. Akakweza kwambiri, ena amayamba kusinja pamtondo, ena amachepetsa chogayitsa. Tinene kuti chiwerengero cha ndowa zogayidwa patsiku, Q, chimayenderana ndi mtengo wa ndowa imodzi, P, motere:

P = 2000 − 20Q

Izi zikutanthauza kuti akafuna kugaya ndowa imodzi yowonjezera, ayenera kutsitsa mtengo ndi K20. Dizilo ndi kutha kwa makina zimamudyera K400 pa ndowa iliyonse, ndiye MC, ndalama yowonjezera yomwe amawononga pa ndowa yotsatira, ndi 400. Lendi ndi malipiro a wantchito wa pachigayo ndi K12,000 patsiku, agaye asagaye.

Ndalama zonse zolowa ndi mtengo kuchulukitsa ndi ndowa:

TR = 2000Q − 20Q²

Ndipo ndalama yowonjezera yomwe ndowa yotsatira imabweretsa ndi:

MR = 2000 − 40Q

Apa ndi pofunika kuimapo. N'chifukwa chiyani 20 wasanduka 40? Taonani zomwe zimachitika mwini chigayo akachoka pa ndowa 40 kupita pa 41. Mtengo umatsika kuchoka pa K1,200 kufika pa K1,180. Wobwera watsopanoyo amalipira K1,180, zoonadi. Koma anthu a m'mudzi umodzi sungawalipiritse mitengo iwiri, mawa lomwe nkhani yafika paliponse. Choncho ndowa 40 zija, zomwe eni ake akadalipira K1,200, nazonso zatsikira pa K1,180, ndipo watayapo K800. Chotsala m'thumba ndi K380 basi. Pa ndowa imeneyo wawononga K400. Waluza K20 ngakhale kuti pachigayo pakuoneka anthu ambiri. Pomwe ndowa ya nambala 40 inabweretsa K420, kuposa K400 yomwe inadya, ndiye inali yoyenera kugayidwa.

Lamulo lake likuchokera pomwepa: pitirizani kuwonjezera malinga MR ikuposa MC, imani pomwe zalingana.

2000 − 40Q = 400
Q = 40

Tsopano mtengo. Pamayeso ambiri amalakwitsa apa, amalemba kuti mtengo ndi K400 poti MR ndi 400. Ayi. Mzere wa MR umatiuza kuchuluka kokha. Mtengo timautenga pa mzere woyamba uja, womwe ukusonyeza zomwe anthu angalole kulipira:

P = 2000 − 20(40) = 1200

Zolowa ndi K48,000. Tikachotsa K16,000 ya dizilo ndi K12,000 ya lendi ndi malipiro, phindu ndi K20,000 patsiku. Yesani 39 kapena 41, mupeza K19,980 konseko. Yesaninso 50: ndalama zolowa zimafika pachimake, K50,000, koma phindu limatsikira pa K18,000. Onaninso kuti K12,000 ija sinalowe m'masamu opezera Q. Lendi ikakwera phindu limachepa, koma mtengo woyenera susuntha, pokhapokha itakwera mpaka kutseka chigayo kukhala kwabwinoko.

Pa mzere uliwonse wowongoka, P = a − bQ, pomwe MC ndi nambala yosasintha c, yankho ndi:

Q = (a − c) / 2b
P = (a + c) / 2

Mtengo umakhala pakati penipeni pa a ndi c. Katswiri wa masamu wa ku France, Augustin Cournot, anayamba kulongosola nkhaniyi ndi masamu mu 1838, pogwiritsa ntchito chitsanzo cha mwini kasupe wa madzi.

Fomulayi ili ndi chotsatira chomwe ambiri sachiyembekezera. Dizilo akakwera MC n'kufika pa K600, Q imakhala 35 ndipo P imakhala K1,300. Zowononga zakwera ndi K200, mtengo wakwera ndi K100 yokha. Theka linalo mwini chigayo walimeza yekha, osati chifukwa cha chifundo, koma poti kukweza kuposa apo kungamuthawitsire ogayitsa ochuluka. Izi ndi za mzere wowongoka, pa mizere yokhota gawolo limasiyana. Ndipo pakanakhala zigayo zambiri zopikisana mpaka mtengo kulingana ndi MC ya K400, ndowa zogayidwa zikanakhala 80, kuwirikiza kawiri za monopoli.

Ntchito ya sabata ino: mwini bwato yekhayo wowolotsa anthu pamtsinje ali ndi P = 3000 − 50Q, ndipo MC ndi 600. Pezani Q, P ndi phindu ngati zolipira zosasintha ndi K10,000 patsiku. Jambulani mizere itatu yonse, wa P, wa MR ndi wa MC, pa girafu imodzi, musonyeze pomwe mwawerengera mtengo. Mubweretse Lachinayi.