Ndondomeko ya kadyedwe ya masabata 8: usipa, soya pisi ndi mazira

Achimwene, nayi ndondomeko ija ndinakulonjezani Loweruka titatsika pa sikelo. Ndaikonza poganizira kuti mukulemera makilogalamu 70, mumanyamula zitsulo Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu madzulo mukaweruka ku Kanengo, ndipo nkhuku kapena nyama ya ng'ombe mumakwanitsa kamodzi pa sabata basi. Zimenezo zisakufooketseni. Chitini cha ufa wa mapuloteni chija munkafuna kukongolera ndalama, chisiyeni. Zonse zimene thupi lanu likufuna zili pamsika wa Kawale.

Mlingo wanu

Munthu amene akufuna kumanga minofu amafunika magalamu pafupifupi 1.6 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Kwa inu ndi magalamu 112. Musavutike kufika ndendende pamenepo. Mukakhala pakati pa 105 ndi 115 zili bwino. Manambala oti musunge m'mutu ndi atatu okha:

Dzira limodzi: magalamu 6.
Usipa wouma wolemera magalamu 50: magalamu pafupifupi 30.
Soya pisi wouma, asananyikidwe m'madzi, wolemera magalamu 50: magalamu pafupifupi 25.

Mazira atatu, usipa ndi soya pa tsiku zikupatsani 73. Otsalawo achokera ku nsima, phala, mtedza, chambiko ndi masamba, zomwe mumadya kale. Tsiku loyamba pemphani wa pagolosale akuyezereni magalamu 50 a usipa pa sikelo yake, muwuthire m'kapu ya kunyumba n'kuika chizindikiro pomwe walekeza. Kapuyo ndiye sikelo yanu kuyambira pamenepo. Soya ndi wosavuta chifukwa kulemera kwake kumalembedwa papaketi.

Tsiku lonyamula zitsulo

5:30 m'mawa: phala la mgaiwa lothira masipuni awiri a nsinjiro, ndi mazira awiri owiritsa. Shuga sipuni imodzi yokha.

10 koloko: mtedza wokazinga wodzaza dzanja limodzi ndi nthochi. Mtedzawo muziusankha; wachuku kapena wowawa tayani.

Nkhomaliro: nsima mitanda iwiri, usipa magalamu 50 wa tomato ndi anyezi, ndi mpiru kapena chisoso. Usipawo phikani usiku, munyamule m'kontena. Mukapanda kunyamula mudzapezeka muli pachiwaya, ndipo ndalama ya tchipisi tsiku limodzi ikanakugulirani mazira angapo.

4 koloko, musanapite ku jimu: mbatata yowiritsa imodzi yaikulu bwino ndi madzi. Osanyamula zitsulo m'mimba muli gwa, komanso osanyamula ndi njala.

Mukangomaliza: dzira limodzi lowiritsa ndi kapu ya chambiko.

Mgonero: soya pisi magalamu 50, mpunga kapena nsima mitanda iwiri, ndi nkhwani kapena bonongwe wotendera.

Zonsezi pamodzi zikukufikitsani pa magalamu pafupifupi 110.

Masiku opuma

Lachiwiri, Lachinayi ndi kumapeto kwa sabata mapuloteni asatsike, chifukwa minofu imakula pamene mukupuma. Chotsani mbatata ya 4 koloko ija, dzira lachitatu mulidye masana. Lachinayi sinthani soya ndi nyemba kapena nandolo kapu imodzi ndi theka, kuti pakamwa pasatope. Lamulungu idyani nkhuku ndi apabanja monga mwa masiku onse, osawerengera chilichonse.

Za usipa

Apa ndikhalitsepo chifukwa ndi pomwe ambiri amataya ndalama. Usipa umadyedwa wonse, mutu ndi minga yomwe, ndiye kuwonjezera pa mapuloteni mumapezamo kashiamu wolimbitsa mafupa, amene mu nyama yankhuku mulibe wambiri. Mukamadula mitu yonse mukutaya gawo la chimene mwagula. Ngati kuwawa kukukuvutani, chotsani matumbo okha pa usipa waukulu, mitu isiyeni.

Pogula, tengani pang'ono m'dzanja mununkhize. Wabwino amakhala wouma bwino, wowala, wosanyenyeka. Wonunkha chinyezi, wa tizilombo kapena wa fungo la mankhwala musiyeni ngakhale atakutsitsirani mtengo bwanji. Wofutsa sawawa kwambiri ndipo kawirikawiri amakhala ndi mchenga wochepa, koma mtengo wake umakwererapo. Bonya ndi wotchipa ndipo amagwira ntchito yomweyo. Matemba ndi utaka nazonso zilowe m'malo mwake mukazipeza. Usipa wambiri umene timadya muno umachokera kunyanja, cha ku Salima ndi Nkhotakota, ndipo nthawi ya mwera, mu Juni ndi Julaye, asodzi salowa m'madzi kawirikawiri, mtengo n'kukwera. Ukachuluka pamsika waukulu wa m'tauni gulani wa chigoba, osati wa timilu, muuyanikenso padzuwa tsiku limodzi n'kusunga m'chitini chotseka bwino.

Pophika, nyikani m'madzi ofunda kwa mphindi 10, tsukani kawiri kuti mchenga utsike pansi, kenako kazingani ndi mafuta sipuni imodzi, osati kusambitsa nsomba m'mafuta. Lawani musanathire mchere, chifukwa wina amabwera ali nawo kale.

Za soya pisi

Ndikudziwa zimene anyamata amanena ku jimu, zoti soya amafooketsa mwamuna komanso amameretsa mabere. Pa mlingo uwu palibe choopa. Soya sasintha mphamvu zanu zachimuna. Chimene chili choona n'chakuti amadzaza mpweya m'mimba kwa amene sanazolowere. Sabata yoyamba yambani ndi magalamu 30, dzira lina lilowe m'malo mwa otsalawo. Nyikani m'madzi otentha, finyani, tsukaninso, kenako kazingani mpaka afiire musanathire tomato. Akafiira bwino ngakhale ana amakanganirana. Ngati papaketi pali zokometsera, thirani theka lokha chifukwa mchere wake ndi wambiri. Ndipo kumbukirani kuti soya amafufuma akanyowa: yezani ali wouma, apo ayi mudzaganiza kuti mwadya 25 pamene mwadya 10.

Za mazira

Gulani thireyi ya mazira 30, imakutengerani masiku 10 ndipo imatsika mtengo kusiyana n'kugula limodzilimodzi paokala. Idyani dzira lonse. Kachikasu kaja kali ndi pafupifupi theka la mapuloteni ake. Chonde lekani kumwa aawisi monga munkachitira. Thupi limatenga mapuloteni ochepa kuchokera ku dzira laliwisi poyerekeza ndi lophika, ndipo mukhoza kutsegula m'mimba n'kujomba sabata yathunthu.

Zogula pa sabata

Mazira 21, usipa magalamu 300, soya pisi magalamu 250, mtedza theka la kilogalamu, chambiko malita awiri, nyemba pang'ono, mbatata mulu umodzi. Masamba ndi tomato muzigula tsiku ndi tsiku. Mwezi ukafika pakati thumba n'kupepuka, chotsani chambiko kaye, kenako dzira limodzi, muwonjezere soya ndi nyemba. Usipa ukhale womaliza kuchoka.

Munandiuza kuti mulibe matenda aliwonse. Koma mukayamba kumva kuwawa kapena kutupa pa chala chachikulu cha kuphazi, siyani usipa mukaonane ndi dokotala, chifukwa nsomba zing'onozing'ono zouma zimautsa gauti kwa ena. Ndondomekoyinso musaipereke kwa munthu wa vuto la impso kapena wa kuthamanga kwa magazi asanafunse kuchipatala.

Imwani madzi osachepera malita awiri patsiku, onjezerani kukatentha mu Okutobala, ndipo muzigona maola 7 kapena 8. Tizikwera sikelo Loweruka lililonse m'mawa musanadye. Mukapanda kusuntha masabata atatu otsatizana, tidzawonjezera mtanda umodzi wa nsima pa nkhomaliro, osati mazira. Loweruka likubwerali mubwere ndi kapu ya usipa ija ndidzaone pomwe mwaika chizindikiro.