Kalata yothetsa kontilakiti ya mpunga wa Kilombero kamba ka madzi osefukira

Dwangwa, Nkhotakota
6 Meyi 2024

Bambo Chirwa,

Zikomo bwana, ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Lilongwe. Ndine Nabanda, tcheya wa gulu la alimi a mpunga lija munasainirana nalo kontilakiti pa 20 Novembala 2023. Ndikulemba m'malo mwa mamembala onse 42, tinakumana Loweruka lapitali ndipo zomwe ndikulembazi tinagwirizana tonse. Ndatumiza pa watsapu pano kuti ikupezeni msanga koma yapepala yosainidwa ndi ine ndi sekilitale ikubwera mawa, poti ndime 15 imati notisi izikhala yolembedwa.

Nkhani ndi yoti tikuthetsa kontilakiti ija potsatira ndime 11.4, ya ngozi zogwa mwadzidzidzi zomwe munthu sangaziletse. Kalata ino ndiye notisi ya masiku 14 imene ndimeyo imafuna, ndiye kuti kontilakiti itha pa 20 Meyi 2024.

Tinapangana kuti tikupatsani matumba 600 a makilo 50 a mpunga wa Kilombero wosapuntha pa mtengo wa K40,000 thumba, ulendo woyamba pa 15 Juni womaliza kumapeto kwa Ogasiti, inu munatipatsa adivansi ya K4,500,000 ya mbewu, feteleza ndi maganyu. Ife mbali yathu tinaichita ndithu. Nazale tinafesa mu Disembala, mu Januwale tinawokera mahekitala 18 onse, mnyamata wanu uja anabwera kumayambiriro kwa Febuluwale anajambula yekha mpunga utabiriwira ukuphukira bwinobwino, zithunzizo muli nazo.

Kenako kumapeto kwa Febuluwale mvula inagwa yosalekeza, mtsinje wa Dwangwa unasefukira, inu nomwe munamva pa wailesi mmene zinaliri kuno kwa Kanyenda, msewu wa M5 unaduka, anthu masauzande anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi mpaka a DoDMA ndi asilikali kubwera kudzapulumutsa anthu pa maboti. Kudambo kwathu madzi analowa pa 28 Febuluwale. Bwana, mpunga umakonda madzi inde koma osati madzi othamanga ngati amene aja, anagumula migula yonse yomwe tinaunda, kwina anazula mapando n'kupita nawo kunyanja, kwina anasiya mchenga wofika m'mawondo pamwamba pa mbewu. Mabanja 17 a m'gulu lathu nyumba zawo zinagwa, ena mpaka lero akadali m'zisakasa, ndipo feteleza wobereketsa amene tinasunga kwa msungichuma ananyowa yense, matumba anangosungunuka.

Tinakudziwitsani pa 2 Malichi, mkati mwa masiku 7 omwe ndime 11.2 imanena, munayankha pa 4 Malichi kuti mwamva ndipo tidikire tione ngati madzi aphwe. Tinadikiradi. Vuto ndi loti chaka chino nyanja nayo yakwera kwambiri, ndiye madzi a kudambo alibe kolowera, mbali yakumunsi mpaka pano ndi thamanda lokhalokha anthu akuwedzamo nsomba pomwe panali munda. Kumtunda komwe kunauma tinayesa kuchotsa mchenga ndi makasu ndi mawilibala kuti tiwokerenso, koma mbande zinalibe poti nazale nayonso inapita, ndipo alangizi athu anatiuza mosabisa kuti Kilombero ndi mbewu yochedwa kucha, kufesanso mu Malichi kapena Epulo ndi kungotaya mbewu, ikumana ndi chisanu isanakhwime. Pa mahekitala 18 aja omwe apulumuka ndi 2 basi, tikuyembekeza matumba ngati 60.

Tsono za kontilakiti. Ndime 11.1 imatchula kusefukira kwa madzi ndi dzina lake penipeni, pamodzi ndi chilala, namondwe, chivomerezi ndi lamulo la boma, ndipo imati ngoziyo ikhale yoti sitinaiyambitse ife, sitikanatha kuiletsa, komanso ikulepheretsadi ntchito. Zitatu zonsezi zakwana. Ndime 11.3 imati nthawi ya ngozi udindo wa mbali zonse umaima kaye, ndi mmene takhalira kuyambira Malichi. Ndime 11.4 ndi imene ikuti ngozi ikapitirira masiku 60 mbali iliyonse ikhoza kuthetsa polemba kalata, masiku 60 anakwana pa 28 Epulo. Ndipo 11.5 ikuti kothetsa motere palibe chindapusa, ndiye teni peresenti ya pa ndime 9 ija sikutikhudza, ija ndi ya munthu amene mpunga ali nawo koma akukana kupereka.

Apa ndiime pang'ono chifukwa pa foni paja munandifunsa ngati sitikufuna kungogulitsa kwa mavenda poti mitengo yakwera, ndipo mawu amenewo anandikhala pamtima. Ayi bwana. Tinasaina kontilakiti kwacha itagwa kale ndi 44 peresenti mu Novembala momwemo, feteleza atakwera, tinadziwa zimene tikusainira ndipo sitinabwereko kudzapempha kuti muwonjezere mtengo. Kudula kwa zinthu si ngozi ya pa ndime 11, ifenso tikudziwa zimenezo, sitikubisala kumeneko. Mpunga kulibe, kumunda kuli mchenga ndi madzi. Munanenanso zoti tikagule kwina tidzakupatseni, koma ndime 3 munailemba nokha kuti mpunga uchokere m'minda ya mamembala osasakaniza ndi wina chifukwa makasitomala anu amafuna Kilombero weniweni wonunkhira uja, wogula m'misika ambiri amakhala wosakaniza ndi Faya, tikanakupatsani umenewo tikanakunamizani, komanso ndalama zogulira matumba 540 anthu ogona m'zisakasa azitenga kuti.

Adivansi yanu sitikuithawa. Ndime 11.5 yomweyo ikuti yotsala ibwezedwe pa masiku 14, yogwiritsidwa kale ntchito ibwezedwe pa miyezi 12 popanda chiwongoladzanja. Ku akaunti ya gulu kwatsala K1,100,000 yomwe inali ya maganyu okolola, imeneyo tiitumiza ku banki yanu pasanafike pa 20 Meyi. K3,400,000 inalowa kumunda, malisiti onse alipo kupatula ochepa a maganyu omwe ananyowa koma m'kaundula wa sekilitale zinalembedwa. Pempho lathu ndi loti matumba 60 opulumukawo muwatenge inuyo pa mtengo womwe uja wa K40,000 ngakhale kunja akugula moposa apo, ikhala K2,400,000, yotsala K1,000,000 tidzamaliza ndi chimanga cha kudimba, theka mu Novembala theka mu Febuluwale 2025. Mamembala anavomera zimenezi ngakhale ena mpunga umenewo ndi womwe akanadya ndi ana awo, ndiye chonde mulione bwino pempholi.

Pamodzi ndi kalata yapepala mupeza lipoti la alangizi, kalata ya a gulupu yochitira umboni, zithunzi za pa 29 Febuluwale ndi za sabata yathayi, fotokope ya uthenga wa pa 2 Malichi ndi yankho lanu, ndi sitetimenti ya ku banki. Masaka 600 opanda kanthu omwe munatumiza ali bwinobwino, anali pamwamba kusitolo, muwatenge pobwera kudzanyamula mpunga.

Ngati pali pomwe simukugwirizana napo, ndime 14 imati tikumane kaye pamasom'pamaso pa masiku 21 tisanapite kwa mkhalapakati. Ife ndife okonzeka, ndipo tingakonde mubwere konkuno mudzaone dambolo ndi maso anu kusiyana ndi kukambirana pa foni. Tiyankheni molemba kuti notisiyi mwailandira, komanso ngati mukuvomera za matumba 60 aja kuti tisawalonjeze kwa wina, tikuyamba kumweta sabata yoyamba ya Juni.

Ndatha ine,
Nabanda
Tcheya wa gulu, m'malo mwa komiti ndi mamembala onse