Yankho lodzitumiza lokha: ndachokapo kuyambira pa 9 mpaka pa 20 Juni

Zikomo pondilembera. Uthenga uwu ukudzitumiza wokha kwa aliyense, ndiye kalata yanu sindinaiwerenge ayi.

Ndachokapo pasukulu pano ku Ulongwe kwa masabata awiri, kuyambira Lolemba pa 9 Juni mpaka Lachisanu pa 20 Juni. Ndaperekeza mayi anga kuchipatala mumzinda wa Tete kuti akawachite opaleshoni ya maso, ndipo ndine amene ndikhale ndikuwadwazika mpaka adokotala atatilola kubwerera kuno ku Angoniya. A dilekitolo anandipatsa chilolezo. Mulungu akalola ndidzalowa m'kalasi Lolemba pa 23 Juni, ndipo makalata ndidzayamba kuyankha tsiku lomwelo, kuyambira amene anafika poyamba. Masiku amenewa foni izikhala yozimitsa nthawi zambiri.

Kwa inu makolo a ana a kalasi 8, gulu A ndi gulu B, ndikugwada: musamusiye mwana pakhomo poganiza kuti aphunzitsi a masamu kulibe. Masamu sanaime. Aphunzitsi a fizika ndiwo atenga maola anga onse, ndipo ndawasiyira buku la mayina ndi ntchito ya tsiku lililonse. Ndikudziwa kuti ino ndi nyengo yokolola, chimanga chikufunika manja, ngolo ikufunika woyendetsa, ndiponso kuzizira kwa Juni kumam'kakamira mwana pamoto m'mawa. Inenso ndinakulira kumunda, sindikunena ngati mlendo. Koma mwana akajomba masabata awiri amabwera atataya ulusi wonse, kenaka amachita manyazi kufunsa, mapeto ake amakhala phee kumbuyo mpaka chaka kutha. Ndawaonapo otere, ena anzeru kwambiri, ndipo zimandiwawa. Muvekeni juzi, mum'patse mbatata yootcha m'thumba, abwere.

Nkhani ya manota, satifiketi kapena kusamutsa mwana, pitani ku sekeletariya ya sukulu m'mawa. Mwana akadwala, lembani kakalata kapena fikani nokha kwa a dilekitolo oona za maphunziro kuti kujombako kulembedwe moyenera.

Chinanso, chonde mverani. Wina akakuimbirani kapena kukulemberani m'dzina langa kuti mutumize ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola, kaya akuti n'za mayeso, kaya akuti n'zothandizira odwala, musatumize ngakhale metikali imodzi. Sindinatume munthu. Manota sagulidwa, ndipo za kuchipatala ife apabanja takonzekera.

Tsopano inu ana anga. Tinalekezera pa lamulo la Pitagorasi. Pasanafike pa 20 Juni, aliyense apeze chingwe, achiike mfundo motalikirana mofanana kuti chikhale ndi zigawo 12, ndipo alumikize nsonga zake. Muitane anzanu awiri, muchikoke kuti mbali imodzi ikhale ndi zigawo 3, ina 4, ina 5. Kona imene ili pakati pa 3 ndi 4 mukaiyerekeze ndi kona ya chitseko kapena ya njerwa, ndipo mulembe m'kope zimene mwaona. Amisiri ena omanga nyumba amawongola maziko mwa njira yomweyi, ndiye ngati kwanu kuli mmisiri, m'funseni mwaulemu akuonetseni. Kenaka muwerengere 3 × 3 ndi 4 × 4, muphatikize, muone ngati zikukumana ndi 5 × 5. Musakopere kwa mnzanu. Kuli bwino mundibweretsere yankho lolakwa koma lanu, chifukwa pamenepo ndimaona pokuthandizirani.

Mayeso amene tinapangana sanasinthe, alipo Lachinayi pa 26 Juni. Lachitatu pa 25 ndi tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu, sukulu kulibe, choncho tidzangokhala ndi Lolemba ndi Lachiwiri lobwereza limodzi. Inu amene munapeza manota osafika 10 pa 20 ulendo wathawu, sindinakuiwaleni. Ndasiya mapepala a mafunso owonjezera kwa mtsogoleri wa kalasi, katengeni, ndipo Lachiwiri pa 24 tidzatsalira tikaweruka.

Aphunzitsi anzanga, makiyi a kabati ya mabuku ndi bokosi la makampasi ali ku sekeletariya. Pepala la manota a mayeso apitawa ndinapereka kale ndisananyamuke. Pamsonkhano wa aphunzitsi a masamu mundilembereko zimene mwagwirizana, ndidzazipeza.

Ngati nkhani yanu ndi yoti singadikire mpaka pa 23, monga ngozi kapena maliro okhudza mwana wa m'kalasi langa, auzeni a dilekitolo. Iwo akudziwa mondipezera.

Mutikumbukire m'mapemphero, ine ndi mayi.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wa masamu, kalasi 8
Ulongwe, Angoniya